Ndinapempha tsiku lathunthu, mayi aja anangoti zii masiku 12

Ndine kalipentala. Ndimapanga madesiki, matebulo a mu ofesi ndi mashelefu. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi anyamata atatu, makina awiri, ndi maoda ochuluka kuposa thumba langa. Chinkandisowa ndi mpamba wogulira matabwa ambiri nthawi imodzi, komanso galimoto yokaperekera katundu. Mayi ena amene amagulitsa katundu wa m'maofesi ndi m'masukulu anali nazo ziwiri zonsezi, ndipo anali ataona kale ntchito yanga kwa kasitomala wawo wina. Atanditumizira uthenga woti ndikawaone Lachiwiri, anandipatsa mphindi 30.

Mphindi 30 zija zinatha ngati madzi a m'manja. Mayiwo analowa mochedwa pang'ono, tinapatsana moni, foni yawo inalira kawiri. Ine, chifukwa chofuna kuoneka katswiri, ndinatha mphindi zoposa 10 ndikuwaonetsa zithunzi za madesiki omwe anali atawaona kale ndi maso awo. Nthawi itatsala pang'ono kutha, iwo anayang'ana wotchi n'kunena kuti: “Bambo, nkhani yake ndi yosavuta. Ine ndiika ndalama ndi lole, inu muika manja ndi makina. Phindu tizigawana pakati n'pakati. Kakonzeni pepala tisayine.” Tinagwirana chanza. Ndinatuluka mu ofesimo mtima uli m'mwamba.

Sabata yomweyo sukulu ina inali itandifunsa ngati ndingapange madesiki 120, ndipo inandipatsa milungu itatu kuti ndiyankhe. Podalira chanza chija, ndinapita kwa amene amandigulitsa matabwa n'kutenga pa ngongole matabwa okwanira madesiki 40. Ichi chinali cholakwa changa choyamba, ndipo ndinachichita dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo.

Usiku ndinakhala pansi kuti ndilembe pepala lija. Ndinangolemba mzere umodzi, cholembera n'kuima. Pakati n'pakati pa chiyani? Ndinatenga buku langa n'kuwerengera. Pa ndalama 100 iliyonse imene kasitomala amalipira pa desiki, 55 imapita ku matabwa, zitsulo, misomali, guluu ndi vanishi. Anyamata amatenga 15. Mayendedwe amadya 8. Imatsala 22. Mu 22 imeneyo ndi m'mene ine ndinkadzilipirira 10 ngati malipiro a ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, chifukwa ndimakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati malipiro anga achotsedwa kaye, phindu ndi 12, aliyense atenga 6, ndipo ine ndipita kunyumba ndi 16. Ngati sachotsedwa, aliyense atenga 11. Mawu omwewo oti “pakati n'pakati” akhoza kundipatsa 16 kapena 11, ndipo sindinkadziwa kuti mayiwo amatanthauza ziti.

Funso limenelo linabala anzake. Lole yawo izilipidwa payokha, kapena ndi gawo la zimene aika? Mpamba wawo udzabwezedwa, kapena ukhala wa bizinesi? Makina anga akawonongeka akonza ndani? Sukulu ikachedwa kulipira miyezi itatu, anyamata adya chiyani? Pofika pakati pa usiku ndinali ndi mafunso 14. Ndinaona kuti tikufunika kukhalanso pansi, ndipo osati kwa mphindi 30.

Pamenepo ndinaganiza bwino. Chimene ndinalakwitsa ndi kapemphedwe. Lachitatu m'mawa ndinalemba uthenga uwu, ndipo ndikuulemba pano monga momwe unalili ngakhale ukundichititsa manyazi: “Mayi, mwadzuka bwanji? Ndaganizira zija tinakambirana dzulo ndipo ndaona kuti pali zambiri zofunika kuti tizikambirane bwinobwino tisanasayine. Kodi mungandipatseko tsiku lathunthu? Ine nthawi iliyonse ndilipo.”

Uthengawo anauwerenga, chifukwa foni inaonetsa. Yankho silinabwere. Loweruka, mtima utayamba kuthamanga, ndinaganiza kuti mwina vuto ndi loti sindinafotokoze. Ndinatumiza mafunso onse 14 mu uthenga umodzi wautali, woti pouwerenga chala chimachita kutopa. Analinso zii. Lachiwiri lotsatira ndinaimba kawiri, foni inangoitana. Masiku amenewo sindinkagona bwino. Ndikalowa mu shedi, mulu wa matabwa a ngongole unkakhala ngati ukundiyang'ana. Ndinayamba kuwakwiyira mayiwo mumtima, n'kumadziuza kuti anthu a ndalama ndi onyada, saona mmisiri ngati munthu.

Tsiku la 9 litadutsa popanda yankho, Loweruka ndinakadandaula kwa alamu anga. Iwowa ndi mlembi, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yawo yakhala yosunga kalendala ya bwana: ndi iwo amene amaona kuti ndani alowe, liti, kwa nthawi yayitali bwanji. Ndinawapatsa foni kuti aone okha mwano umene ndachitiridwa. Anawerenga mauthenga onse awiri, kenako anaseka.

“Alamu,” anatero, “uthenga woyambawu ukanafika pa tebulo langa, nanenso ndikanauika pambali. Mwapempha tsiku lonse la munthu koma simunanene kuti mukalichita nalo chiyani. Munthu wotanganidwa akamva kuti ‘pali zambiri’, amamva chimodzi mwa zinthu ziwiri: mwina mukufuna kubwerera m'mbuyo, mwina mukufuna kuwonjezera mtengo. Ndani angathamangire zimenezo?”

Ndinadziteteza kuti ndinasonyeza kumasuka, popeza ndinati nthawi iliyonse ndilipo. Apa ndi pamene anandiphunzitsa chinthu chimene ndikanakonda ndikanachidziwa kale. Anati mawu oti “nthawi iliyonse” sapeputsira munthu katundu, amam'senzetsa. Iye ndiye atsegule kalendala, asake mpata, aganize za malo, akuuze, adikire kuti uvomere. Koma ukam'patsa masiku atatu enieni ndi maola ake, ntchito yake imangokhala kuloza limodzi. Anawonjezeranso kuti mmisiri amene nthawi iliyonse alipo amaoneka ngati alibe ntchito, ndipo palibe amene amafuna kuika ndalama mwa munthu wongokhala.

Za mafunso 14 aja sanachedwepo. Anati ndinawapatsa mayiwo mayeso oti alembe pa foni, ndipo mafunso ena, monga la malipiro anga, munthu wanzeru sangawayankhe molemba asanaone mabuku, chifukwa chimene walemba chimakhala umboni.

Tinakhala pansi masana onse a Loweruka limenelo kukonza pempho latsopano. Choyamba anandiuza kuti ndisanje mafunso aja m'magulu. Ena ndinapeza kuti ndikhoza kuwayankha ndekha, monga la amene azigula misomali. Ena akanatha kudikira mpaka titayamba ntchito. Otsalawo analowa m'mitu itatu yokha. Woyamba unali wa kagawidwe ka ndalama: malipiro anga, lole, ndi chimene tikuchitcha phindu. Wachiwiri unali wa amene ali ndi mphamvu yosayina kubanki ndi yotenga ngongole m'dzina la bizinesi. Wachitatu unali wa zimene zidzachitike tikaluza kapena mmodzi akafuna kuchoka. Muyeso umene alamu anandipatsa unali uwu: ngati funso silingasinthe maganizo ako osayina, lisalowe m'pempho.

Mitu iwiri yomalizayi si yongokometsera. M'malamulo a mayiko ambiri, anthu akamachita bizinesi limodzi popanda kulembetsa kampani yokhala ndi malire pa ngongole, ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la bizinesi ikhoza kutsata winayo mpaka pa katundu wake. Komanso m'malamulo ambiri otere, ngati simunagwirizane mwanjira ina, phindu limagawidwa mofanana ndipo mwini mnzako salandira malipiro pa ntchito imene akugwira m'bizinesiyo. Ndiye kuti kukhala chete pa nkhani ya malipiro kukanandigwetsera pa 11, osati pa 16. Ndinazindikiranso kuti mutu wachiwiri ukuteteza mayiwo kuposa ine, pakuti ndi iwo amene anali ndi katundu wambiri woti angalandidwe. Chimenechi chinakhala chifukwa champhamvu kwambiri m'pempho langa, ndipo mu uthenga woyamba munalibe n'kamodzi komwe.

Kenako tinayeza nthawi. Sindinafune kungotola nambala m'mutu monga ndinachitira ndi “tsiku lathunthu”. Alamu anakhala ngati mayi aja, ine n'kufotokoza mutu woyamba iwo akuyang'ana wotchi. Zinanditengera mphindi 12. Anati ndiwerengere kuti winayo alankhulanso zofanana, ndiye 24, ndipo ndiwonjezere nthawi yowerengera limodzi manambala ndi kutsutsana. Tinaika 35. Mwa njira yomweyo mutu wachiwiri unatenga 25, wachitatu 20, ndipo tinasiya 10 zolembera zimene tagwirizana tisanadzuke pa mipando. Zonse pamodzi mphindi 90. Tsiku lathunthu lija linali ola limodzi ndi theka basi. Ndinadziseka ndekha.

Lolemba m'mawa ndinatumiza uthenga uwu:

“Mayi, mwadzuka bwanji? Pepani, mauthenga anga a sabata zapitazi sanali omveka, musavutike kuwayankha. Maganizo anga ogwira nanu ntchito sanasinthe. Polemba pepala lija ndapeza zinthu zitatu zimene sitinazifike Lachiwiri lija, ndipo sindikufuna kuzilemba mongoganizira. Choyamba ndi kagawidwe: kodi phindu tiliwerenga tisanachotse kapena titachotsa malipiro anga ndi ndalama za lole (mphindi 35). Chachiwiri, ndani azisayina kubanki ndi kutenga ngongole m'dzina la bizinesi, kuti wina asadzalowetse mnzake m'ngongole asakudziwa (mphindi 25). Chachitatu, tidzatani tikaluza kapena wina akafuna kuchoka, makamaka za mpamba wanu ndi makina anga (mphindi 20). Kuwonjezera mphindi 10 zolembera zimene tagwirizana, ndikupempha mphindi 90. Tikamadzuka tidzakhala titadziwa ngati tikusayina kapena ayi. Ndikhoza kubwera ku ofesi kwanu Lachinayi 8 koloko m'mawa, Loweruka 2 koloko masana, kapena Lachiwiri la sabata yamawa 4 koloko madzulo. Ngati mphindi 90 nthawi imodzi n'zovuta, tikhoza kuzigawa pawiri, mphindi 45 ulendo uliwonse. Ndipo tikalephera kumvana pa mutu woyamba, tidzalekera pomwepo kuti ndisakutayireni nthawi. Chondifulumizitsa n'chakuti sukulu ija ya madesiki 120 ikufuna yankho pofika Lachiwiri la sabata yamawa. Lero madzulo ndikutumizirani masamba awiri a manambala anga kuti tisadzayambire pa kufotokoza.”

Uthengawu ndi wautali kuposa woyamba uja, koma ndi wopepuka kuuyankha, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chiganizo choti maganizo anga sanasinthe ndinkafuna kuchichotsa, poona ngati ndikudzichepetsa mopitirira. Alamu anakana. Anati chimenecho ndiye chimachotsa mantha, ndipo chiyenera kubwera nkhani ya nthawi isanatchulidwe. Chiganizo choti tikhoza kulekera pa mutu woyamba ndicho ndinkachiopa kwambiri, chifukwa ndinkaona ngati ndikuwatsegulira khomo lothawira. Koma munthu amavomera msanga kulowa m'chipinda chimene akuona khomo lake lotulukira. Zoona zake n'zakuti tikanakanika pa kagawidwe, mitu inayo ikanakhala yopanda ntchito.

Panalinso zinthu zimene sindinazilole kusintha, ngakhale sindinazitchule mwaukali. Sindinapereke mwayi wokambirana mutu woyamba pa foni, chifukwa manambala amafuna kuti nonse muyang'ane pepala limodzi, wina n'kuloza ndi chala. Sindinanene kuti tikhoza kufupikitsa n'kukhala mphindi 30, chifukwa ndikanatero ndikanavomereza kuti 90 ija ndinangoinena. Tsiku, ola, malo ndi kagawidwe ka nthawi ndinasiya m'manja mwawo. Mitu itatu ija ndi kuchuluka kwa mphindi zake ndinagwiritsa.

Yankho linabwera pasanathe maola atatu. “Tigawe pawiri. Lachinayi 8 koloko, kenako Lachiwiri 4 koloko. Ndidzakhala ndi amene amandisungira mabuku. Mubweretse malisiti ndi buku lanu la miyezi 6 yapitayi.”

Ndinasangalala kwa mphindi imodzi yokha, kenako thukuta. Buku langa linali ndi mipata. Panali miyezi iwiri imene ndinkalemba zogulitsa koma osalemba zogula, ndipo malisiti ena anali m'katoni pansi pa benchi, atadyedwa ndi guluu. Nditawaimbira alamu anangoti, “Mwalira mvula, mwalira matope.” Usiku utatu ndinakhala ndikusanja mapepala. Amene mukufuna kupempha nthawi yayitali, dziwani ichi pasadakhale: mphindi 30 zimabisa zofooka zanu, koma mphindi 90 zimazivundukula. Konzani mabuku musanatumize pempho, osati yankho litabwera.

Lachinayi ndinafika mphindi 15 nthawi isanakwane, nditasindikiza masamba awiri aja katatu. Zithunzi za madesiki sindinatenge. Titangopatsana moni ndinaika wotchi pa tebulo n'kunena kuti, “Mayi, mwandipatsa mphindi 45, ndipo ndikufuna ndizisunge.” Pamenepo ndinaona cholakwa china m'kawerengedwe kanga: moni, kudikira wosunga mabuku kuti apeze mpando, ndi kugawa mapepala zinadya mphindi 7 zimene sindinaziike pena paliponse. Ndikanayambiranso lero, ndikanapempha mphindi 50 pa chigawo chilichonse.

Funso langa loyamba linaonetsa kuti mantha a usiku uja sanali achabe. Mayiwo ankatanthauza 11 ndi 11. M'maganizo mwawo manja anga ndiwo anali mpamba wanga, ndiye kulandiranso malipiro kukanakhala kudya kawiri. Koma 8 ya mayendedwe ankayembekezera kuti izipita kwa iwo, popeza lole imafuna mafuta ndi dalaivala. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, ngati lole ikulipidwa pa ulendo uliwonse, bwanji munthu amene waima pa makina tsiku lonse asalipidwe? Ndinawonjezera kuti mpamba wanga ndi makina awiri aja ndi shedi, ndipo ndikadwala mwezi wathunthu bizinesi idzayenera kulemba kalipentala wina n'kumulipira. Anakhala kaye chete. Wosunga mabuku uja ndiye anayankha, nati zimenezo n'zomveka, koma 10 yachuluka poyerekeza ndi zimene buku langa likuonetsa. Anatsegula pa miyezi iwiri ija yopanda zogula n'kundifunsa kuti 55 ya zipangizo ndaipeza bwanji. Ndinavomera kuti miyezi imeneyo ndinachita kuyerekeza kuchokera pa miyezi inayi inayo. Manyazi anandigwira, koma sindinaname, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikananama akanandigwira pomwepo.

Tinamvana pa 8. Ndiye kuti pa 22 ija, 8 ndi malipiro anga, yotsala 14, aliyense 7. Ine ndipita kunyumba ndi 15, osati 16 imene ndinkafuna, komanso osati 11. Lole izilipidwa malinga ndi malisiti a mafuta ndi tsiku la dalaivala, osati 8 yokhazikika. Itakwana mphindi ya 40 ndinadula nkhani, ngakhale mayiwo anali atayamba okha kulowa m'mutu wachiwiri ndipo mtima wanga unkafuna kupitiriza. Ndinawerenga mokweza zimene ndinalemba, mizere inayi, iwo n'kuvomereza. Tinadzuka nthawi itapitirira ndi mphindi 2.

Pondiperekeza pakhomo anandiuza chimene sindinawafunse. Anati ataona uthenga wa “tsiku lathunthu” anaganiza kuti ndapeza munthu wina ndipo ndikusaka njira yowakanira, kapena ndikufuna kuwonjezera gawo langa. Mafunso 14 aja anati anawasunga kuti adzayankhe akapeza mpata, koma mpata wa mafunso 14 supezeka. Masiku onse aja ndinkawatcha onyada, pamene iwo ankandiona ngati munthu wosakhazikika maganizo.

Chigawo chachiwiri sichinayende monga tinapangira. Lolemba madzulo ananditumizira uthenga kuti lole yawonongekera panjira ndipo Lachiwiri sakhalapo. Anapempha kuti tikumane Lolemba lotsatira. Apa ndi pamene kugawa pawiri kunandiluma. Njira imeneyi imathandiza kuti munthu avomere msanga, koma imakupatsa masiku awiri amene akhoza kusokonekera m'malo mwa limodzi. Ndipo ine ndinalakwitsa poika tsiku lomaliza la zisankho zanga pa tsiku lenileni limene sukulu inkafuna yankho, osasiya mpata ngakhale wa tsiku limodzi. Ndikanayenera kupereka masiku atatu onse akutali ndi malirewo, kapena kunena kuti tikagawa pawiri, zigawo zonse zichitike mkati mwa sabata imodzi.

Ndinaimbira sukulu kupempha sabata ina. Anati sangadikire. Ndinaganizapo zongovomera oda ija podalira kuti mutu woyamba watheka, koma ndinali nditaphunzirapo kale pa matabwa a madesiki 40. Tinali tisanamvane kuti ndani azitulutsa ndalama kubanki, ndipo kuvomera madesiki 120 popanda mpamba m'manja kukanandimiza. Ndinakana. Oda inapita kwa wina. Tsiku limenelo ndinatseka shedi msanga, sindinafune kulankhula ndi munthu.

Lolemba lija tinakumana, ndipo mitu iwiri yotsalayo inatha m'mphindi 40. Tinagwirizana kuti titsegule akaunti yapadera ya bizinesi, ndipo ndalama zoposa malire amene tinaika zizituluka tikasayina tonse awiri. Palibe wotenga ngongole m'dzina la bizinesi popanda mnzake kuvomera molemba. Apa ndinayenera kuulula za matabwa aja. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yayitali, kenako anati, “Bambo, imeneyo ndi ngongole yanu, munaitenga tisanasayine.” Sindikanatsutsa. Anavomera kuti bizinesi izigula matabwawo kwa ine pang'onopang'ono malinga ndi maoda, pa mtengo umene ndinagulira. Pa mutu wachitatu tinati makina akhala anga, mpamba ukhala wawo, wofuna kuchoka azinena miyezi iwiri isanakwane, ndipo tikaluza tizisenza mofanana monga tigawanira phindu. Iwo anawonjezera chimene sindinachiganizire: tiyambe ndi miyezi 6 yoyeserera, kenako tidzakhalenso pansi.

Ndinalemba zonse, tinapereka kwa loya kuti aone, ndipo tinasayina Lachiwiri, patatha masiku 35 chigwiranirane chanza. Pa masiku amenewo, 12 anapita pakati pa uthenga wanga woyamba ndi uthenga wolongosoka uja. Ndikanatumiza wolongosokawo Lachitatu loyamba lija, ngakhale lole ikanawonongeka chimodzimodzi, zokambirana zonse zikanatha pafupifupi sabata imodzi sukulu isanafune yankho. Kupatula oda ya madesiki 120, wogulitsa matabwa anandiwonjezera 10 peresenti chifukwa chochedwa kulipira, ndipo mnyamata mmodzi ndinamuimitsa kwa milungu iwiri chifukwa ndinalibe chomulipira. Chomalizachi ndicho chimandipwetekabe, chifukwa iye sanalakwe kanthu.

Matabwa aja anatha m'miyezi itatu, pa maoda ang'onoang'ono a matebulo ndi mashelefu amene mayiwo ankabweretsa. Miyezi 6 itatsala pang'ono kukwana, ndinali ndikukonzekera kulemba pempho loti tikhalenso pansi, koma anandiyambirira. Uthenga wawo unali ndi mitu iwiri, mphindi 60, ndi masiku atatu oti ndisankhepo. Ndinasankha Lachinayi, ndipo ulendo uno buku langa linalibe mpata ngakhale wa sabata imodzi.